Kodi mumadziwa? Zovala zitatu zolimbana ndi chisanu cha pamadzi kwa Nyachikadza

Kodi mumadziwa kuti munthu akhoza kuzizidwa mpaka kufooka kwa Nyachikadza, dera limene anthu akumtunda amangolidziwa ndi kutentha? Dera la mfumuyi lili m'dambo la Ndindi m'boma la Nsanje, kufupi ndi pamene Shire amatulukira m'Malawi kulowa m'Mozambique. Kumeneko ndiye kotsika kwambiri m'dziko lathu, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Koma mu Juni ndi Julayi m'bandakucha kumazizira kufika cha m'madigiri 14, ndipo masiku ena kumabwera chiperoni, mphepo ya mitambo ndi mvula yamawawa imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Madigiri 14 sangamuchite kanthu munthu wouma amene wagona m'nyumba. Amene ali pangozi ndi msodzi amene wachezera pabwato malaya ali chonyowa, mayi amene walawirira kukazula nyika m'madzi, ndi mwana amene wawoloka m'mawa zovala zitanyowa ndi madzi.

Kodi mumadziwa kuti chovala sichipanga kutentha? Ng'anjo ndi thupi lanu lomwe, limene limawotcha chakudya n'kumasunga m'kati mwake pa madigiri 37. Ntchito ya chovala ndi kuchedwetsa kutenthako kuti kusathawe msanga, ndipo chimene chimachedwetsa kwenikweni ndi mpweya wodekha umene wakodwa pakati pa ulusi. Mpweya umene sukuyenda suvomera kudutsitsa kutentha. Madzi ndiye amadutsitsa mofulumira, pafupifupi maulendo 25 kuposa mpweya. Choncho chisanu chili ndi njira zitatu zolowera: thukuta likanyowetsa khungu, mpweya wofunda ukasowa pokhala, ndiponso mphepo kapena mvula ikabwera kuchokera kunja. Nzeru ya zovala zitatu yagona pamenepa. Cham'kati chimachotsa thukuta pakhungu, chapakati chimasunga mpweya wofunda, chakunja chimatchinga mphepo ndi madzi. Chilichonse chili ndi ntchito yakeyake, ndipo chijekete chimodzi, ngakhale chikule bwanji, sichingazigwire zonse zitatu bwinobwino.

Kodi mumadziwa kuti thonje, mbewu imene yalera mabanja ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, ndilo loipa kwambiri kuvala pakhungu kukamazizira? Ulusi wa thonje umamwa madzi n'kuwasunga m'kati mwake. Sikipa ya thonje ikanyowa, timipata tonse timene munali mpweya timadzaza madzi, nsaluyo imamatirira pamsana, ndipo imachedwa kuuma. Kenako imayamba kuchita zimene umachita mtsuko wadothi: madzi amene atuluka kunja kwake akamauma ndi kamphepo, amatenga kutentha kwa zimene zili m'kati, n'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira ngakhale masana. M'malaya onyowa, zimene zili m'katizo ndinu. Mu Novembala zimenezi n'zabwino zedi, ndipo sindingauze munthu wa m'chigwa kuti asiye malaya a thonje padzuwa lija. Mu Julayi usiku, pamadzi, malaya omwewo amakuberani kutentha kumene mulibe kokwanira. Jinzi ndiye yoipa koposa, chifukwa ndi thonje lochindikala limene likanyowa madzulo likhoza kufika mawa lisanaume.

Kodi mumadziwa kukula kwake kwa kutentha kumene malaya onyowa amatenga? Kuti kotala ya lita ya madzi iume yonse, imafuna kutentha koposa kumene thupi la munthu wamkulu wongokhala limapanga pa ola limodzi ndi theka. Kwina kumachokera ku mpweya, koma usiku kopanda dzuwa gawo lalikulu limachokera kwa mwini malaya. Sikipa ndi malaya a thonje zonyowa ndi thukuta zimasunga madzi ochuluka chomwecho mosavuta.

Kodi mumadziwa kuti chovala cham'kati choyenera mwina muli nacho kale m'nyumba? Ndi jezi ya mpira. Majezi amasokedwa ndi nsalu ya poliyesita, imene ulusi wake sumwa madzi. Thukuta limangoyenda pamwamba pa ulusiwo n'kumwazikana pansalu yonse, kenako limauma kapena kudutsa kupita ku chovala chotsatira, khungu n'kutsala louma. Kuti igwire ntchito, jeziyo iyenera kukhudza khungu, ndiye musavale vesiti ya thonje pansi pake, ndipo isakhale yaikulu yolendewera. Ya manja aatali ndiyo yabwino koposa, komanso imathandiza ku udzudzu wa m'dambo. Ngati simukudziwa kuti chovala chanu ndi cha nsalu yanji, chichapeni pamodzi ndi sikipa ya thonje, mufinye zonse ziwiri, muyanike pamthunzi. Cha poliyesita chimatuluka m'madzi chili chopepuka ndipo chimauma sikipa ija ikadali yolemera. Kuipa kwake n'kuwiri. Chimanunkha thukuta msanga, ndiye chimafuna kuchapa pafupipafupi. Chachiwiri n'choopsa: poliyesita ikakhudza moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Powamba nsomba kapena powotha moto, khalani patali, ndipo ana ovala majezi asayandikire mbaula.

Kodi mumadziwa kuti chovala chapakati chimafunditsa malinga ndi kufufuma kwake, osati kulemera kwake? Pakaunjika ku Nsanje, ku Bangula kapena ku Nchalo mudzapeza mitundu itatu yofunika kuidziwa. Woyamba ndi juzi ya ubweya wa nkhosa. Ulusi wake ndi wopiringizika, umakola mpweya wambiri, ndipo umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake musanamve kuti wanyowa. Ngakhale itanyowa pang'ono imafunditsabe, koma ikamizidwa m'madzi imalemera ndipo imachedwa kuuma. Wachiwiri ndi fulisi, nsalu yofewa yamanyunyu ija imene ambiri amaikonda pa majekete a zipi. Imeneyi ndi poliyesita yopesedwa kuti ifufume. Simwa madzi, ndipo ikagwera mumtsinje mumangoifinya n'kuivalanso. Wachitatu ndi jekete yotukumuka ya nthenga za abakha kapena atsekwe. Pouma palibe chofunda kuposa imeneyi, koma nthenga zikanyowa zimaundana n'kukhala timibulu, mpweya wonse n'kuthawa, ndipo zimatenga nthawi yaitali kuti ziume. Kwa munthu wa pabwato ine ndingasankhe fulisi mosakayika. Jekete ya nthenga isiyireni mlonda amene amakhala pakhonde pouma.

Kodi mumadziwa kuti majuzi ambiri ooneka ngati a ubweya si a ubweya wa nkhosa? Ambiri ndi a akiriliki, ulusi wopangidwa kufakitale. Nawo amafunditsa ndipo samwa madzi kwambiri, ndiye si oipa. Oyenera kuwapewa ndi majuzi achipewa a thonje amene anyamata amawakonda, ofewa m'kati koma olemera. Amenewa akanyowa amachita ngati sikipa ija, kungoti amasunga madzi ochuluka koposa.

Kodi mumadziwa kuti fulisi ndi mabotolo a madzi akumwa zimachokera ku pulasitiki ya mtundu umodzi? Nsaluyi inatulukira cha mu 1981 ku fakitale ya Malden Mills ku Massachusetts m'dziko la America, ndipo pofika mu 1993 anali atayamba kupanga ina kuchokera ku mabotolo otayidwa.

Kodi mumadziwa kuti juzi yabwino kwambiri imagonja mphepo ikangowomba? Ikani fulisi pakamwa, muuzire, dzanja lili kuseri kwake. Mudzamva mpweya ukudutsa. Mphepo ya padambo imachita chimodzimodzi: imalowa, imakankha mpweya umene thupi linali litafunditsa kale, n'kusiya wozizira woti thupi liyambirenso. Chovala chakunja chimabwera kudzatseka khomo limeneli. Sichifunika kukhala chochindikala. Kajekete kopyapyala ka nailoni kolukidwa mothithikana, kamene mukauzira mpweya sudutsa, n'kokwanira pa tsiku la mphepo yopanda mvula. Kakhale kakakulu pang'ono kuti kasafinye juzi, chifukwa juzi yofinyidwa yataya mpweya wake. Yang'anani malo atatu amene mphepo imalowera: m'khosi, m'mikono ndi m'chiuno. Jekete yokhala ndi chipewa, lasitiki m'mikono ndi chingwe chomanga m'munsi imaposa ina yokongola yotseguka ponseponse.

Kodi mumadziwa kuti lenikoti ya pulasitiki ikhoza kukunyowetsani popanda dontho limodzi la mvula kulowa? Pulasitiki imatchinga madzi mbali zonse ziwiri. Nthunzi ya thukuta ikafika pa pulasitiki yozizira imasanduka madontho m'kati, n'kubwerera ku juzi. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaivula mumapeza m'kati mwake muli mame pamsana ndi m'khwapa, pamene misoko ndi yosabooka. Vutoli ndilo linatchukitsa nsalu ya Gore-Tex, imene inayambira pa zimene Bob Gore anatulukira ku America mu 1969. Ili ndi timabowo tating'ono kwambiri kotero kuti dontho la mvula silingalowe koma nthunzi imatuluka. Majekete oterewa amapezeka apo ndi apo pakaunjika, koma musawakhulupirire ndi maso okha. Ambiri amafika atatha, nsalu yam'kati ikusendeka ngati mamba, timalamba totseka misoko titamatuka. Tembenuzani muone m'kati musanapereke ndalama, ndipo mukafika kunyumba thirani madzi paphewa: akamagubuduka ngati mikanda ndiye kuti ikadali moyo, akamadutsa n'kunyowetsa m'kati ndiye kuti yangotsala yotchinga mphepo. Amene muli ndi lenikoti wamba musataye mtima. Ivaleni mvula ikamagwa kapena mukakhala chete, ndipo muzitsegula zipi kapena mabatani nthawi iliyonse imene mukugwira ntchito yamphamvu.

Kodi mumadziwa kuti luso lenileni la zovala zitatu lili pa kuvula? Titenge msodzi amene akunyamuka padooko madzulo mu Julayi kukatchera ukonde ndi miono, kuti akabwere ndi milamba m'mawa. Popita amapalasa ola lathunthu, ndipo munthu wopalasa mwamphamvu thupi lake limapanga kutentha kochuluka kanayi kapena kasanu kuposa wongokhala. Akanyamuka atavala zonse, jezi, juzi ndi lenikoti, amafika ali thukuta kamukamu, juzi yanyowa kuchokera m'kati. Akangosiya nkhafi, ng'anjo ija imatsika nthawi yomweyo kubwerera pa mlingo wa munthu wongokhala, koma madzi a m'zovala amapitiriza kuuma ndi kumutenga kutentha. Pofika pakati pa usiku mano akugundana, ndipo alibenso chouma choti avale.

Wodziwa amachita mosiyana. Amanyamuka ndi jezi yokha, kapena jezi ndi kajekete kotsegula zipi ngati kuli mphepo, ndipo mphindi zoyambirira amamva kuzizira pang'ono, kumene kumatha akangopalasa. Juzi ili mu jumbo yomanga pakamwa, ndipo jumboyo ili mu inzake, chifukwa pansi pa bwato sipauma. Potchera ukonde amakwinya manja a jezi kuti asanyowe. Akamaliza, asanayambe kumva tsemwe, amavala juzi pamwamba pa jezi, jekete pamwamba pa juzi, n'kutseka m'khosi. Apa ndi pofunika kufulumira, chifukwa juzi imasunga kutentha kumene kulipo, ndipo munthu amene wazizidwa kale amatenga nthawi yaitali kuti adzifunditsenso. Sakhala pa thabwa lonyowa. Amayala thumba lopindapinda kapena mtolo wa udzu wouma, popeza matako ndi ntchafu zimafinya chovala n'kupereka kutentha ku chimene wakhalira. Nthawi yovuula ikakwana amabwezera juzi mu jumbo, ndipo pobwerera amaivalanso pokhapokha ngati mnzake ndiye akupalasa. Pa anthu awiri amene ali m'bwato limodzi, wopalasa amafunika chovala chimodzi kapena ziwiri pamene wongokhala amafunika zonse zitatu. Izi zikukhudzanso mayi ndi mwana amene akuwolotsedwa m'mawa: mwini bwato akutuluka thukuta pamene iwo akuzizidwa.

Kodi mumadziwa kuti kuvala zambiri pabwato kulinso ndi malire ake? Bwato likagubuduzika, juzi ya ubweya yomwa madzi, chikhoto chachitali ndi jombo zamphira zimalepheretsa kusambira ndipo zimavuta pokwera kubwerera m'bwato. Ichi ndi chifukwa china chosankhira fulisi ndi jekete yaifupi ya zipi imene mungaivule msanga. Jekete yoyandamitsa munthu, kwa amene ali nayo, ivalidwe pamwamba pa zonse, ndipo nayo imathandiza kutchinga mphepo pachifuwa.

Kodi mumadziwa kuti zimene ena amanena zoti theka la kutentha kwa thupi limatulukira kumutu si zoona? Kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, molingana ndi kukula kwa mutuwo. Komabe thupi lonse likaphimbidwa, mutu ndi khosi ndizo zimatsala poyera, choncho chipewa choluka kapena duku zimasintha zinthu kwambiri. Kwa khanda nkhani ndi ina, chifukwa mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi ndipo amazizidwa msanga. Khanda lobereka kumbuyo livekedwe chipewa, ndipo thewera kapena chitenje chikanyowa chisinthidwe nthawi yomweyo.

Kodi mumadziwa kuti chisanu choopsa kwambiri m'chigwachi chimabwera m'miyezi yotentha? Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu ambiri ku Nsanje ali pa zulu, m'mitengo ndi pamadenga, mvula ikuwagwera usana ndi usiku. Pa nthawi yotere mpweya sukhala wozizira kwenikweni, koma munthu wonyowa, wanjala, wosayenda, amene mphepo ikumuwomba maola ambiri amataya kutentha kuposa kumene akupanga. Madzi ngakhale a madigiri 25 amamuziziritsa munthu pang'onopang'ono akakhalitsamo. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35 ndiye kuti zafika povuta. Kumayamba ndi kunjenjemera, kenako zala zimakanika kumanga mfundo, mawu amatuluka ngati a woledzera, munthu amadzandira ndi kuwodzera. Akasiya kunjenjemera koma khungu lili zii, musaganize kuti wapeza bwino, chifukwa pamenepo thupi latopa ndipo akufunika kuchipatala. Kunjenjemera kwa malungo kumasiyana poti thupi limakhala lotentha mukaligwira. Ana ndi okalamba ndiwo amayamba kugwa.

Thandizo lake limatsata dongosolo lomwe lija ndi zimene zilipo. Muvuleni zonyowa zonse, mumupukute, chouma chilichonse chikhale pakhungu. Bulangete lichite ntchito ya chapakati, lokuta ndi mutu womwe. Lona kapena pepala la pulasitiki likhale kunja kwa bulangete. Pansi pake payalidwe mphasa, makatoni kapena udzu. Mwana agonekedwe pachifuwa cha munthu wamkulu, khungu kukhudza khungu, onse awiri n'kufunda pamodzi. Ngati akutha kumeza bwino, mpatseni tiyi wa shuga kapena phala lofunda. Musamutikite manja ndi miyendo mwamphamvu. Chifukwa cha zimenezi, ndimalimbikitsa banja lililonse la kwa Nyachikadza kuti mvula ikamayandikira lisunge jezi, juzi ndi chipewa cha mwana aliyense mu jumbo yomanga bwino, pamalo poti munthu akhoza kungotola pothawira kumtunda.

Kodi mumadziwa kuti kachasu amaziziritsa thupi? Amatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda a m'kati n'kuthamangira kunja. Womwayo amamva kufunda kumaso ndi m'manja pamene m'kati mukuzirala, ndipo mowawo umamulepheretsa kuzindikira kuti zinthu zaipa. Usiku wa pamadzi umafuna nsima kapena mbatata m'mimba, popeza ng'anjo ija imayaka ndi chakudya.

Kodi mumadziwa kuti mukamakwera mtunda kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse? N'chifukwa chake munthu wochoka ku Nsanje ndi malaya okha, akadutsa Bangula, Ngabu ndi Nchalo n'kukwera zitunda za ku Thabwa, amatsika basi ku Blantyre atapinda manja pachifuwa. Pamwamba pa Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002, kusiyana kwake ndi kwa Nyachikadza kumakhala pafupifupi madigiri 19. Pa njinga yamoto ya kabaza mphepo mumaipanga nokha ndi liwiro, ndiye chakunja ndicho chofunika koposa, ndipo wokwera kumbuyo nayenso atseke m'khosi ndi m'mikono.

Kodi mumadziwa kuti abale athu opita ku Joni amakafika m'mizinda iwiri ya chisanu chosiyana? Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mu Juni ndi Julayi kumakhala kouma, usiku kumatsika kufika cha m'madigiri 4 ndipo masiku ena udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Pa 10 Julayi 2023 kunagwa ngakhale chipale chofewa. Kumeneko chapakati ndicho chimafunika kuwonjezera: majuzi awiri opyapyala, kapena jekete ya nthenga ija, ndi kabudula wamkati wa miyendo yaitali pansi pa thalauza, koma masana dzuwa likatuluka muyenera kuvula chimodzi. Ku Cape Town miyezi yomweyo ndi ya mvula ndi mphepo, ndiye ndalama yoyamba ipite ku jekete yosalowa madzi, ndipo pansi pake pakhale fulisi. Wogwira ntchito ya zomangamanga kapena ya m'munda achite ngati msodzi uja, kuvula juzi poyamba ntchito ndi kuivala pa nthawi yopuma. Mlonda wochezera chiimire amafunika zonse zitatu, masokosi ochindikala m'nsapato zosathina, ndi katoni yopondapo pa simenti. Ndipo m'chipinda chotseka mawindo musagone ndi mbaula ya makala, chifukwa imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.